“Zingati?” makumi atatu, wogula mmodzi: kayankhidwe ka mtengo pa malonda a pa foni

Vuto lake limayamba chonchi. Mwajambula mbatatesi zanu pa Lizulu dzuwa lisanakwere, zosankhidwa bwino, zazikuluzikulu. Chithunzicho mwachiika pa Facebook ndi mawu okopa akuti zafika zatsopano, zabwino kukazinga tchipisi, timatumiza kulikonse. Ola lisanathe, pansi pake padzaza funso limodzimodzi. Wina walemba “Zingati?”, wina “Thumba mukupanga bwanji?”, wina wangoti “Mtengo”. Mwayankha onse, bandulo yatha, koma pofika madzulo amene watumiza ndalama ndi mmodzi, mwinanso palibe. Mawa lake muika chithunzi china, zichitikanso chimodzimodzi.

Ambiri amamaliza ndi kunena kuti anthu a pa foni ndi ongofunsa. Ongofunsawo alipodi, ndipo sadzatha. Koma mukawerenga mayankho amene ogulitsa amalemba pansi pa mafunsowo, mupeza kuti nthawi zambiri wogula sanathawe mtengo, anathawa yankho. Pamsika munthu akafunsa mtengo amakhala akuona mulu ndi maso ake, akudziwa pamene waima, ndipo akudziwa kuti mtengowo ndi wa lero. Pa foni zitatu zonsezi palibe, ndiye yankho lanu liyenera kuzinyamula. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha mbatatesi chifukwa ndiye malonda a kuno, koma wa kabichi wa ku Tsangano ndi wa nyemba wa pa Chimbiya adzipeza momwemo.

Mwayankha kuti “onani ku inibokosi”, munthu wangoti zii

Ili ndiye yankho limene likupha malonda ambiri, ndipo likupha pa zifukwa ziwiri zosiyana.

Choyamba ndi cha foni yeniyeniyo. Munthu amene si mnzanu pa Facebook mukamulembera, uthengawo kawirikawiri sulowa pamene pamafikira mauthenga ake a tsiku ndi tsiku. Umakabisala pamalo olembedwa kuti Message requests, pamene anthu ambiri satsegulapo. Inu mukuti mwayankha, iye akuti mwamunyalanyaza, ndipo nonse mukunena zoona. Ngati mukugulitsira pa tsamba la bizinesi osati pa dzina lanu, palinso malire ena: tsamba limaloledwa kutumiza uthenga umodzi wamseri kwa munthu amene wafunsa, ndipo akapanda kuyankha simungapitirize kumulembera. Uthenga umodziwo mukauwononga polemba “Muli bwanji bwana”, mwayi wapita. Mmene mungadziwire kuti vuto lanu ndi limeneli n’kosavuta. Tsegulani mauthenga amene munatumiza sabata yatha, muwerenge ndi angati amene sanatsegulidwe n’komwe. Akakhala ambiri, ndiye kuti mtengo wanu anthu sanaukane, sanauone.

Chachiwiri ndi cha mumtima. Munthu wa kuno akamva kuti mtengo unenedwa kumbali, amaganiza kuti mukufuna muone kaye nkhope yake ndi zovala zake pa chithunzi kuti mudziwe pomutchajira. Ndipo tisabisane, ena amachitadi zimenezo. Wogula amene anapwetekedwapo sabwera ku inibokosi. Komanso pa munthu mmodzi amene wafunsa pali ena angapo amene sanalembe kanthu, akungodikira kuti aone mmene mumuyankhire uyo. Mukabisa mtengo kwa mmodzi mwaubisa kwa onsewo. Bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC lakhala likukumbutsa ogulitsa kuti mitengo ya katundu izioneka, ndipo ogula anazolowera kuyembekezera zimenezo ngakhale kwa wogulitsa wa pa foni.

Chifukwa chimene ogulitsa amapereka n’chakuti anzawo opikisana nawo aona mtengo n’kutsitsa wawo. Koma mnzanu wa pa siteji yomweyo mtengo wanu amaudziwa kale, poti mumapikula kwa alimi omwewo. Akafunitsitsa atuma mlamu wake akufunseni ku inibokosi komweko. Amene mwamubisira ndi wogula yekha.

Kukonza kwake ndi kugawa nkhani pawiri. Zimene zili zofanana kwa aliyense, monga mtengo wa ndowa ndi wa thumba, zinenedwe poyera. Zimene zimasiyana munthu ndi munthu, monga malo okatsitsira katundu, nambala ya dalaivala ndi kuchotsera kwa wogula matumba ambiri, izo ndiye za kumbali.

Mwatchula mtengo, koma mwakangana katundu atafika

Apa wogulitsa wayankha poyera, koma wayankha mwachidule kwambiri: “65”. Wogula wa ku Lilongwe wamva kuti K65,000 thumba lifika pa chiwaya chake. Wogulitsa amatanthauza K65,000 thumba lili pa Lizulu. Wogula akuganiza za thumba lalikulu losokerera pamwamba lija, wogulitsa akunena thumba wamba lomanga kukamwa. Tsiku lotumiza ndiye pamabuka mkangano, ndipo wogula akabwerera pachithunzi paja kukalemba kuti munamunamiza, anthu onse aona.

Mtengo wa mbatatesi ulibe tanthauzo popanda muyeso. Thumba si muyeso, chifukwa matumba amasiyana ndipo kadzazidwe kake kamasiyananso. Ndowa ya malita 20 ndiyo imene anthu amaimvetsa mofanana, ngakhale nayonso muyenera kunena ngati ndi yosefukira kapena yolekeza m’milomo. Choncho thumba lanu litchuleni ndi ndowa zimene zalowamo. Ngati muli ndi sikelo, tchulani makilogalamu, koma mutchule amene mwayezadi, osati amene analembedwa pathumba pamene munali feteleza.

Musanayankhe aliyense, khalani pansi ndi cholembera. Tiyerekeze ndi manambala awa, inu muikepo anu a sabata ino. Mwapikula thumba la ndowa zinayi kumunda pa K52,000. Ngolo yalitulutsa kufika kumsewu wa M1 pa K2,000. Thumba lopanda kanthu ndi ulusi wosokera zadya K1,500. Posankha mwachotsamo zowola, zobiriwira ndi zotemeka ndi khasu, ndipo kudzazanso malo ake kwakutherani K2,500. Anyamata okweza atenga K1,000. Zonse pamodzi ndi K59,000. Mukaikapo phindu la K6,000, mtengo wa pa Lizulu ndi K65,000. Tsopano onjezani ulendo. Tinene kuti galimoto ikulipiritsa K6,000 pa thumba kukafika ku Lilongwe ndi K8,000 kukafika ku Blantyre, poti uko n’kotalikirapo. Ndiye kuti muli ndi mitengo itatu: K65,000, K71,000 ndi K73,000. Amene amayankha kuti “65” kwa munthu wa ku Lilongwe, kenako n’kuchita manyazi kuonjezera thiransipoti, wapereka phindu lake lonse kwa dalaivala.

Pali kandalama kena kamene kamaiwalika, kotapira kwa ejenti. Wogula akatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, inu potapa mudulidwa. Sankhani kale ngati ndalamayo mwaiphatikiza mu mtengo kapena wogula aziikapo yekha, ndipo munene poyambirira. Kumuuza munthu atatumiza kale kuti “muonjezere yotapira” kumaoneka kochepa kwa inu, koma iye amakuona ngati mwasintha mawu.

Mukawerengera chonchi, yankho lake limatuluka lokha. Bambo wina wafunsa kuti “Zingati?”, inu mulembe kuti:

“Zikomo bwana. Thumba la ndowa zinayi, zazikulu zokhazokha, ndi K65,000 mukatengera pa Lizulu. Kufika nalo ku Lilongwe ndi K71,000, ku Blantyre K73,000, yotapira muikepo nokha. Mtengowu ndi wa sabata ino mpaka Loweruka. Muli kuti, ndipo mukufuna matumba angati?”

Yankholi lili ndi muyeso, mtundu wa katundu, malo ndi tsiku, ndipo lathera pa funso. Funso lomalizalo musalisiye. Mukangotchula mtengo n’kukhala chete, munthu amati “chabwino ndikuuzani” n’kupita. Mukamufunsa kumene ali ndi kuchuluka kumene akufuna, wofunadi amayankha nthawi yomweyo, ndipo wongofunsa amadzichotsa yekha popanda inu kutaya mayunitsi. Funsani zinthu ziwiri basi. Za dzina, nambala ndi tsiku lolandirira mukakambirane kumbali.

Kutchula kuti “zazikulu zokhazokha” kuli ndi ntchito yake. Wokazinga tchipisi amafuna zazikulu chifukwa zazing’ono zimathera m’makoko posenda ndipo zimadya nthawi. Mayi wogulira pakhomo zapakatikati zimamukwanira. Ngati muli ndi magulu awiri, tchulani mitengo yonse iwiri m’yankho limodzi. Amene akanathawa K65,000 angathe kuima pa thumba la zapakati lotsikirapo. Koma musapitirire mitengo itatu kapena inayi m’yankho limodzi. Mndandanda wa zinthu khumi munthu wa pa foni sauwerenga, afunsanso kuti “ndiye zingati?”

Ngati chithunzi chanu chili ndi zinthu zingapo, mwachitsanzo mbatatesi, kabichi ndi anyezi, ndipo munthu wangoti “Zingati?”, musamubwezere funso lokha lakuti “Chiti?” Tchulani mtengo wa chinthu chimene chikuoneka kwambiri, kenako mufunse ngati amanena chimenecho kapena china. Anthu ena amalowa pa intaneti kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndiye funso lililonse limene mwabweza lopanda mtengo limakudyerani theka la tsiku, mbatatesi zili padzuwa.

Kuti wofunadi asavutike kukupezani, muikireni njira yongodina. WhatsApp ili ndi kalembedwe kake, kamene mumaika 265 m’malo mwa 0 woyamba wa nambala yanu, popanda chizindikiro cha + ndiponso popanda mipata:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Pamene pali X muikepo manambala asanu ndi anayi otsalawo. Cholakwika chofala ndi kusiya 0 uja pambuyo pa 265, ndipo zikatero wodinayo amauzidwa kuti nambalayo kulibe. Yesani kudina nokha pa foni ya mnzanu musanapatse makasitomala.

Mtengo munalemba kale, koma akufunsabe

Izi zimakwiyitsa, ndipo ogulitsa ambiri amayankha mwaukali kuti “werengani pamwambapa”. Musatero. Kawirikawiri munthuyo mtengowo sanauonedi. Facebook imadula mawu aatali n’kusiya See more, ndiye ngati munayamba ndi moni, mavesi ndi kutamanda katundu, mtengo uli kunsi kumene sikuoneka. Ngati mtengo munaulemba pachithunzi penipeni, amene netiweki yake ndi yofooka kapena amene akusunga bandulo chithunzicho sichinatseguke bwino. Ndipo ngati munaulemba m’mawu okha, amene analandira chithunzicho kwa mnzake pa WhatsApp walandira chopanda mawu.

Mankhwala ake ndi kuulemba kawiri. Uyambe ndiwo pa mzere woyamba wa mawu anu, moni abwere pambuyo. Ulembedwenso pachithunzi, ngakhale pa katoni ndi cholembera chakuda n’kuiimika pathumba musanajambule. Katoni yolembedwa pamanja ili ndi ubwino wina: imasonyeza kuti katunduyo ndi wanudi, si chithunzi chotola kwina.

Mukachita zonsezi ena adzafunsabe, chifukwa kwathu kuno kufunsa mtengo ndi moni wa pamsika. Munthu amaona mtengo pa shelefu koma amafunsabe kuti ayambe kucheza ndi wogulitsa. Muyankheni mtengo wonse ngati kuti ndi woyamba kufunsa. Kuti zala zisatope, lembani yankho lanu kamodzi, mulisunge mu foni, muzingolikopera. Amene ali ndi WhatsApp Business angalisunge pa Quick replies, ndipo akalemba chizindikiro cha / pocheza ndi kasitomala yankholo limatulukira. Koma pa Facebook samalani ndi kumata mawu ofanana ndendende kambirimbiri motsatizana, makamaka ngati muli linki. Makina ake amatha kukuyesani wosokoneza n’kukuimitsani kulemba kwa kanthawi, pa tsiku lomwe katundu ali pamsewu. Sinthani poyambira: uyu “Zikomo mayi”, uyo “Achimwene, thumba la ndowa zinayi”, winayo mumutchule malo amene wanena. Linki muiike kwa okhawo amene asonyeza kuti akufunadi.

Za ulemu, ngati simukudziwa kuti wofunsayo ndi wamkulu bwanji, “bwana” kapena “akuluakulu” sizilakwika. Kumutchula munthu “iwe” chifukwa chithunzi chake chikuoneka cha mwana n’kulakwitsa, poti ambiri amaika zithunzi za ana awo.

Akukukakamizani pa mtengo wa mwezi watha

Chithunzi chimene munaika mu Epulo, mbatatesi za dzinja zitachuluka, chimakhalabe pomwepo mpaka Okutobala. Wina achipeza, aona yankho lanu lakale, atumiza ndalama ya mtengo umenewo osafunsa, kenako aimba kuti katundu wanga ali kuti. Mtengo wa mbatatesi umayenda ndi nyengo, umayenda ndi mtengo wa feteleza ndi wa mafuta a galimoto. Umayendanso ndi ndalama yathuyi: kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n’kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo mitengo yolembedwa sabata imodzi m’mbuyo inasanduka yopanda ntchito. Ichi ndiye chifukwa chenicheni chimene ogulitsa ena achilungamo amaopera kulemba mtengo poyera, ndipo mantha awo ndi omveka.

Koma yankho lake si kubisa mtengo, ndi kuupatsa tsiku lothera. Mawu akuti “mpaka Loweruka” kapena “mtengo wa pa 14 Epulo” amakutetezani kuposa inibokosi. Mawu akuti “mtengo wa lero” okha sakwanira, chifukwa wowerenga mwezi wamawa nayenso ali ndi lero lake. Lembani tsiku lenileni.

Mtengo ukasintha katundu asanathe, chitani zinthu ziwiri. Pitani pa Edit post musinthe mzere woyamba uja, muike mtengo watsopano ndi tsiku lake. Kenako lembani pansi pake poyera kuti kuyambira tsiku lakuti thumba lafika pakuti, ndipo munene chifukwa m’mawu ochepa, monga kuti kumunda zakwera kapena galimoto yakweza. Mayankho akale musawafufute. Anthu amajambula zimene munalemba, ndipo akaona kuti mwafufuta amaganiza kuti mukubisa kanthu. Amene munagwirizana naye kale pa mtengo wakale tsiku lake lisanathe, mpatseni pa mtengo womwewo ngakhale phindu lichepe. Katundu akatha, lembani “ZATHA” poyambirira penipeni pa mawu aja, kuti mafunso asiye kubwera pa chinthu chimene kulibe.

“Mwadulitsa, pa Bembeke ndi zotchipa”

Mukayamba kutchula mtengo poyera, mawu awa abwera ndithu. Pali mitundu iwiri ya anthu amene amawalemba, ndipo mayankho ake ndi osiyana.

Woyamba ndi wogula amene akunenerera. Iyeyu amatchula ndalama yake: “Ndili ndi 58, nditenge?” Musatsitse poyera. Mukangolemba kuti “bweretsani 60”, mtengo wanu wasanduka K60,000 kwa aliyense amene awerenge, kuphatikizapo amene analipira K65,000 m’mawa, ndipo ameneyo abwera kudzafuna yake. Pa chitsanzo chathu chija, K60,000 ikukusiyirani K1,000 yokha, ndipo K58,000 mwadya mpamba. Yankho labwino limasunga mtengo koma limatsegula khomo: “Pa thumba limodzi ndi pomwepo mayi. Kuyambira matumba asanu timachotserako, tiuzeni mukufuna angati tikambirane.” Kuchotserako kukhale ndi lamulo limene mungalinene pamaso pa aliyense, monga K2,000 pa thumba kwa wotenga asanu. Pa matumba asanu phindu lanu likhala K20,000 m’malo mwa K30,000, koma mwagulitsa kamodzi, mwakweza kamodzi, ndipo katundu sanagone. Kwa wogula thumba limodzi amene mukufuna kumusunga, basera ya mbatatesi zapakati pang’ono imakutherani zochepa kuposa kudula mtengo, ndipo sisiya nambala yoti ena akugwireni nayo.

Wachiwiri safuna kugula, akungonena kuti kwina n’kotchipa. Nthawi zambiri sakunama. Pa Bembeke kapena kumunda ku Tsangano thumba lingakhaledi lotsika, chifukwa ndi losasankha ndipo wogula akadzitengera yekha. Muyankheni kamodzi, mofatsa, ndi zoona zokhazokha: “N’zoona bwana, kumunda n’zotsikirapo. Zathuzi ndi zosankha, ndowa zinayi zodzaza, ndipo tikukwezerani galimoto.” Yankholi kwenikweni mukulembera anthu ena amene akuwerenga mwakachetechete. Akabweranso ndi mawu ena, musiyeni. Mkangano wa mizere khumi umakwirira mtengo wanu pansi, ndipo wobwera kumene amaona phokoso m’malo mwa katundu.

Wotukwana, kapena wogulitsa mnzanu amene waika mitengo yake ndi nambala yake pansi pa chithunzi chanu, mawu ake abiseni podina Hide. Kubisa kumaposa kufufuta chifukwa mwini wakeyo ndi anzake amaonabe zimene analemba, ndiye sadziwa msanga kuti ena sakuziona, ndipo sabwera kudzayambitsa ndewu. Koma dandaulo lenileni la kasitomala, monga lakuti m’thumba munali zowola, musalibise. Liyankheni poyera ndipo munene mmene mukonzere.

Wina wayankha m’malo mwanu n’kulandira ndalama

Ili ndi vuto loopsa kuposa onse, ndipo limakula pamene inu mukuchedwa kuyankha. Wakuba amaona mafunso a “Zingati?” amene akhala maola atatu opanda yankho. Amatsegula dzina lofanana ndi lanu, nthawi zina ndi chithunzi chanu chomwe, n’kuyankha ofunsawo kapena kuwalembera kumbali. Amatchula mtengo wotsika bwino, n’kupereka nambala yake kuti atumizepo theka. Inu mumadziwa mawa lake, munthu akukuimbirani kuti katundu wake sanafike. Apa ndi pamene chizolowezi cha “onani ku inibokosi” chimapwetekera kwambiri, chifukwa mwaphunzitsa makasitomala anu kuyembekezera uthenga wamseri, ndiye wa wakubayo akafika saukayikira.

Zizindikiro zake ndi izi: munthu akukuthokozani chifukwa cha mtengo umene simunatchule, kapena akufunsa kuti nambala yolipirira ndi iti mwa ziwirizi. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, siyani zonse mufufuze. Facebook sionetsa zonse zolembedwa pansi pa chithunzi ikakhala pa Most relevant, choncho sinthani muike pa All comments kuti muone chilichonse, ndipo mutsegule mayankho a pansi pa funso lililonse.

Kutchinga kwake kumayambira m’mawu okopa aja. Lembani kuti nambala yolipirira ndi imodzi, ndipo tchulani dzina limene lituluke munthu akamatumiza ndalama, kuti aliyerekeze asanaike nambala yake yachinsinsi. Onjezani kuti simuyamba ndinu kupempha ndalama kumbali. Kenako ikani malonda pa nthawi imene mukhale ndi foni m’manja. Kuika chithunzi m’mawa n’kupita kudimba kumene netiweki sigwira mpaka madzulo ndi kusiyira akuba khomo lotsegula. Ndi bwino kuika madzulo mutabwerako, n’kukhala ola limodzi kapena awiri mukuyankha, kenako n’kuonanso m’mawa musananyamuke.

Mbali inayo nayonso ilipo, ya wogula wabodza. Amavomera mtengo osanenerera n’komwe, n’kukutumizirani uthenga wooneka ngati wa ndalama, kenako n’kuimba kuti watumiza yambiri mumubwezere yapamwamba, kapena kuti galimoto ikunyamuka kwezani msanga. Uthenga woterewu umachokera pa nambala wamba ya munthu. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi cha uthenga. Onani ndalama zimene zili mu foni mwanu podina *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, ndipo thumba likwere galimoto pokhapokha ndalamayo mwaiona.

Katundu amene mtengo wake sungatchulidwe kamodzi

Telala wa pa boma ku Ntcheu, wophika makeke a ukwati, kalipentala kapena woumba miphika ya maluwa ku Dedza anganene kuti zonsezi sizikumukhudza, poti mtengo umadalira chimene munthu akufuna. N’zoona, koma chimene chili pachithunzicho chili ndi mtengo wake, ndipo wofunsa akufunsa chimenecho. Telala ayankhe kuti diresi ili pachithunziyi anasoka pa ndalama zakuti, nsalu ya mwini wake, ndipo ya mapangidwe ena imayambira pakuti. Wa makeke atchule kukula kwa keke ili pachithunziyo, anthu amene ingawakwanire ndi mtengo wake, kenako afunse tsiku la mwambo. Mawu akuti “kuyambira” agwiritsidwe ntchito moona: ndalama imene mwatchulayo ikhale yoti munthu angapezedi chinthu chathunthu. Mukalemba “kuyambira K15,000” pamene chilichonse chimene mumapanga chimaposa K30,000, wobwera kumbaliyo akamva mtengo weniweni amachoka atakwiya, ndipo mwataya nthawi ya anthu awiri. Ngati kusiyana kwake n’kwakukulu, tchulani malire onse awiri, wapansi ndi wapamwamba, ndi chinthu chimodzi chimene chimakweza mtengowo, kaya ndi nsalu ya mkati, kaya ndi mtundu wa matabwa, kaya ndi mtunda wokapereka katunduyo.